Magetsi akathima usiku, ndime yaitali siipulumutsa katemera

Katemera akaonongeka pa chipatala chaching'ono, mawu oyamba kumveka pa msonkhano ndi omwewa nthawi zonse: "Ndondomeko ilipo, koma anthu sanaitsatire." Mawu amenewa ndatopa nawo. Tatsegulani fayilo ija yolembedwa SOP pamwamba, muwerenge nokha zomwe mukufuna kuti mlonda kapena namwino atsatire pakati pa usiku, ali ndi tochi ya pa foni m'manja. Nthawi zambiri mupeza zonga izi:

"Magetsi akathima kwa nthawi yaitali, ogwira ntchito aonetsetse kuti katemera wasungidwa pamalo ozizira bwino, ndipo ngati kuli kofunika asamutsidwire m'bokosi lozizira pogwiritsa ntchito mapaketi a ayezi, akuluakulu adziwitsidwe ndipo zonse zilembedwe, pokumbukira kuti katemera wina safunika kuuma ndi chisanu choncho mapaketiwo ayambe akonzedwa moyenera."

Mulibe bodza m'ndime imeneyi. Koma munthu akhoza kuitsatira mokhulupirika n'kuononga katemera wa mwezi wonse.

Titenge chipatala cha kumudzi kuno ku Dedza, Loweruka madzulo mwezi wa Juni. Magetsi athima. Mlangizi wa zaumoyo amene amasamala furiji wapita kumaliro. Namwino wa usiku wawerenga ndimeyo kuchokera pamwamba monga timawerengera tonse, wafika pa mawu oti "asamutsidwire m'bokosi lozizira pogwiritsa ntchito mapaketi a ayezi", waika pepala pansi n'kuyamba ntchito. Watulutsa mapaketi ali gwa, wawayala m'bokosi, wasanja timabotolo pamwamba pake, watseka. M'mawa kwacha, timabotolo n'tozizira bwinobwino, chizindikiro cha VVM pa kabotolo kalikonse, chija chimasintha mtundu katemera akatenthedwa, chikuoneka bwino, aliyense mtima pansi. Chonsecho katemera wa Penta, PCV ndi Td amene anagunda ayezi uja akhoza kukhala atauma usiku, ndipo katemera wa mtundu umenewu akauma kamodzi mphamvu yake sibwerera ngakhale asungunuke. VVM imasonyeza kutentha kokha, za chisanu sinena kanthu. Chomwe chimandisowetsa mtendere pa nkhani yotere n'chakuti palibe amene amaona vuto. Lolemba amayi abwera ndi ana kusikelo, ana abayidwa, m'buku mwalembedwa kuti alandira, koma chitetezo chomwe mayi akuganiza kuti mwana wake wapita nacho kunyumba mwina palibe.

Namwino uyu sanachite ulesi. Chenjezo la mapaketi linali kumapeto kwa chiganizo, iye atachita kale chinthu chomwe linkaletsa. Wolakwa ndi wolemba.

Pokonza ndime yotere musayambe ndi kuika manambala. Ambiri amangodula ndimeyo pa mpumiro uliwonse, n'kulemba 1, 2, 3 kumanzere, ati takonza. Zikatero chenjezo lija limangosanduka nambala yomaliza, likadali kumapeto. Yambani ndi pensulo: lembani mzere pansi pa ntchito iliyonse imene manja a munthu ayenera kugwira, ndipo pa iliyonse funsani kuti aichita ndani, nthawi yanji, ndipo adziwa bwanji kuti waichita bwino. Mukatero ndimeyo iyamba kuonetsa mabowo. "Nthawi yaitali" ndi maola angati? "Ozizira bwino" ndi madigiri 2 mpaka 8, bwanji osalemba? "Akuluakulu" ndi ati, pa nambala iti? Kiyi wa chipinda cha katemera amagona kuti Loweruka? Mafunsowa sangayankhidwe ndi wolemba yekha pa kompyuta. Ndi zinthu zoti mkulu wa chipatala, mlangizi wosamala furiji ndi woyang'anira katemera ku boma akhale pansi agwirizane, chifukwa ndime yaitali ija inkabisa zoti sanagwirizanepo.

Maola amene furiji imasunga kuzizira magetsi atathima amasiyana kwambiri. Furiji ya katemera yokhala ndi ayezi m'zipupa mwake imapirira nthawi yaitali ikakhala yosatsegulidwa, pomwe furiji wamba ya m'nyumba imafunda m'maola ochepa. Nambala yake ili m'buku la furiji yanuyo, ndipo muitenge m'menemo, osati m'ndondomeko ya chipatala china. M'chitsanzo ichi tinene kuti anthu atatu aja agwirizana zoyamba kukonza bokosi kutentha kukafika madigiri 7, kuti pakhale mpata asanadutse 8. Ndondomekoyo ikhoza kuoneka chonchi:

1. Mlonda: magetsi akathima, lembani nthawi pa pepala lomatidwa pa chitseko cha chipinda cha katemera, ndipo uzani namwino amene ali pa ntchito nthawi yomweyo.

CHENJEZO: musatsegule furiji. Mukaitsegula kuzizira kumatuluka ndipo maola opirira amachepa.

2. Namwino wa pa ntchito: werengani kutentha pa galasi la kunja kwa furiji, lembani pa tchati, ndipo bwerezani ola lililonse.

3. Namwino wa pa ntchito: imbirani mlangizi wosamala furiji. Akapanda kuyankha kawiri, imbirani mkulu wa chipatala. Manambala ali m'munsi mwa pepala lino.

4. Namwino wa pa ntchito: ngati kutentha kwafika madigiri 7 magetsi asanayake, pitani pa 5. Ngati magetsi ayaka kusanafike pamenepo, pitani pa 8.

CHENJEZO: paketi youma gwa imaononga Penta, PCV, Td ndi HPV. Musaike katemera m'bokosi musanamalize 5.

5. Namwino wa pa ntchito: yalani mapaketi pa tebulo motalikirana. Khutchumulani paketi iliyonse pafupi ndi khutu. Ikhale yokonzeka pokhapokha mukamva madzi akuyenda m'kati.

6. Namwino wa pa ntchito: yalani mapaketiwo pansi ndi m'mbali mwa bokosi, ikani katemera ali m'makatoni ake pamodzi ndi choyezera kutentha, ikani mapaketi otsala pamwamba, tsekani.

7. Namwino wa pa ntchito: lembani nthawi imene mwatseka bokosi, n'kusaina.

CHENJEZO: magetsi akayaka musapotoze kabatani koonjezera kuzizira.

8. Mlangizi wosamala furiji: bwezerani katemera m'furiji ikakhazikika pakati pa madigiri 2 ndi 8, onani VVM ndi chipangizo cholemba kutentha. Katemera aliyense wokayikitsa mpatuleni, lembanipo kuti asagwiritsidwe ntchito, msungeni pozizira, ndipo uzani mkulu wa chipatala kuti aimbire ku boma.

Taonani pamene pakhala machenjezo. Lililonse lili pamwamba pa sitepe imene ingabweretse ngoziyo, lili pa mzere wakewake, ndipo likunena chimene chionongeke. Munthu amamvera chenjezo akadziwa chifukwa chake. "Samalani" payekha sathandiza aliyense. Ndipo machenjezo ndi atatu okha. Mukaika chenjezo pa mzere uliwonse, maso amazolowera n'kuyamba kuwalumpha onse, ngakhale lija la ayezi. Chenjezo lachitatulo anthu amalichotsa poganiza kuti n'losafunika, koma nthawi imene magetsi ayaka ndi imene munthu wamantha amapotoza kabatani kuti furiji izizire msanga, n'kuiwala kubwezera, ndipo m'nyengo yozizira ya kuno mawa lake katemera amapezeka atauma m'furiji momwemo.

Sitepe 5 ilibe mphindi, ndipo n'dala. Paketi imasungunuka mofulumira ku Bwanje mwezi wa Okutobala kusiyana ndi m'mapiri a Dedza usiku wa Juni, kumene ingatenge ola lathunthu kapena kupitirira. Mukalemba kuti "dikirani mphindi 30", munthu ayang'ana wotchi m'malo moyang'ana paketi. Pamene pali chizindikiro choti munthu angamve kapena kuona, lembani chizindikirocho. Pamene pali nambala yosasintha, monga madigiri 2 mpaka 8, lembani nambalayo.

Za maudindo ndi zimene zimabweretsa mkangano. Pa sitepe iliyonse pakhale udindo umodzi. "Ogwira ntchito aonetsetse" kapena "namwino ndi mlangizi" zimatanthauza kuti aliyense ayesa kuti mnzake wachita. Lembani udindo, osati dzina la munthu, chifukwa anthu amasamutsidwa. Mayina ndi manambala a foni akhale m'munsi, pamalo posavuta kusintha. Udindowonso ukhale wa munthu amene amapezekadi pa nthawiyo. Ndondomeko yoika masitepe onse pa mlangizi wosamala furiji imaoneka yaukhondo pa pepala, koma mlangiziyo sagona pa chipatala. N'chifukwa chake mlonda ali pa nambala 1. Ena amaona ngati n'kuchepetsa chikalata cha boma kulembamo mlonda, koma ndi iye amene amaona magetsi akuthima, ndipo popanda nthawi imene iye walemba palibe amene angawerengere maola m'mawa. Pa chifukwa chomwecho pepala lopachika pakhoma likhale m'Chichewa.

Mbiri ya katemera, zolinga za ndondomeko ndi matanthauzo a mawu zisiyeni m'fayilo. Ngakhale kayezedwe ka katemera amene akuganiziridwa kuti wauma, kaja kokhutchumula kabotolo n'kukayerekeza ndi kena ka gulu lomwelo koumitsidwa dala, kakhale ndi pepala lakelake, chifukwa ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa ndipo imachitika masana. Pepala la usiku likwane tsamba limodzi.

Mukalemba musathamangire kusainitsa. Itanani namwino amene sanakhale nawo pokonza, mpatseni pepalalo masana, bokosi ndi mapaketi zili pomwepo, m'malo mwa katemera muikemo timabotolo topanda kanthu, ndipo inu mukhale chete. Paliponse pamene aima kapena kufunsa, pepala ndilo laperewera. Apa ndi pamene mumatulukira kuti mapaketi m'firiza ndi ochepa kuposa amene bokosi limafuna, kuti kiyi ali m'thumba la munthu amene ali ku Lilongwe, kapena kuti foni ya pa ntchito ilibe mayunitsi.

Ndikuchondererani musadikire kuti ku boma kubwere chikalata chatsopano, kapena kuti papezeke maphunziro olandirako ndalama ku Ntcheu, ndiye mukonze. Ntchito imeneyi ndi ya masana amodzi, ndipo magetsi sadikira. Chenjeraninso ndi anthu oyenda ndi ndondomeko zokonzakonza pa fulashi, amene amangosintha dzina la chipatala pamwamba n'kulandira ndalama. Mudzawadziwa chifukwa safunsa kuti furiji yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo m'mapepala awo mumapezeka jenereta ndi maudindo amene pa chipatala panu palibe. Chimodzimodzi amisiri a pamsika okonza mafuriji a zakumwa: ndondomeko inene poyera kuti furiji ya katemera imagwiridwa ndi katswiri wotumidwa kuchokera ku boma yekha, chifukwa winayo amayesa kuti furiji yabwino ndi imene ikuumitsa.

Pepala latsopano likhale ndi tsiku, siginecha ya mkulu wa chipatala ndi tsiku loliunikanso. Liunikidwenso furiji ikasinthidwa kapena munthu wa pa manambala aja akasamuka. Likulungidwe m'pulasitiki n'kupachikidwa pambali pa furiji, pamene tochi ingafike, ndipo tsiku lomwelo chotsani mapepala akale onse pakhoma ndi m'madirowa, kuti wina asadzatole lakale lija usiku.