Jiki sayezedwa ndi mphuno

"Ndimathira mpaka imveke fungo." Mawu amenewa ndawamva ku Chibavi, ndawamva ku Luwinga, ndawamvanso m'malesitilanti ozungulira depoti ya mabasi muno mu Mzuzu, ndipo kunena zoona andikwana. Ntchito yanga ndi yoyendera malo ophikira zakudya, ndipo ndikafunsa kuti jiki mumathira wochuluka bwanji, ndi anthu ochepa kwambiri amene amanditchulira muyezo. Ambiri amangopendeketsa botolo, khuthukhuthu, mphuno ikavomera basi.

Chiyambire kolera ya 2022 ndi 2023, imene inasautsa kwambiri anansi athu a ku Nkhata Bay, pafupifupi khitchini iliyonse ili ndi botolo la jiki. Zimenezo ndikuyamikira. Vuto ndi kagwiritsidwe kake.

Tengani botolo lanu muwerenge chizindikiro. Jiki wambiri wa m'magolosale athu amalembedwa 3.5%. Popukutira tebulo, sinki kapena thabwa limene mwadulirapo nyama yaiwisi, mphamvu yofunika ndi 0.1% yokha. Ndiye kuti gawo limodzi la jiki lipite m'magawo 34 a madzi. M'chilankhulo cha kukhitchini, ndi masupuni aakulu awiri, kapena kuti mamililita 30, mu lita imodzi ya madzi. Ngati mukukonza chigubu cha malita 5, masupuni ndi 10. Botolo likalembedwa 5%, chepetsani: mamililita 20 pa lita akwana. Masupuni a m'nyumba amasiyana kukula, choncho kakapu kamene kali ndi mizere ya mamililita nkabwino koposa, bola kakhale ka jiki yekha, kasabwererenso kumankhwala a ana.

Ndikawaonetsa anthu muyezo umenewu amandiyang'ana mokayika, ati madzi okhaokhawa angaphe chiyani. Amapha ndithu, koma pali zinthu ziwiri zimene ambiri amadumpha.

Choyamba, jiki si sopo. Akakumana ndi mafuta, magazi a nkhuku kapena mamba a nsomba, klorini, amene ndiye mphamvu ya jiki yophera tizilombo, amathera pa zinyalalazo asanafike pa tizilombo. Tsukani kaye ndi sopo, tsukuluzani thovu lonse, kenako ndiye mubwere ndi madzi a jiki. Chachiwiri ndi nthawi. Pamalopo pakhale ponyowa kwa mphindi 5. Kuthira uku mukupukuta nthawi yomweyo, ngati mukuthamangira basi ya ku Karonga, nkungotaya ndalama.

Pali nkhani imodzi imene simandichoka mumtima. Unali mwezi wa Juni, mmawa wa chifunga, kuzizira kuja kwa Mzuzu kolowa mpaka m'mafupa. Ndinafika pa kalesitilanti kena, sinditchula dzina, ndinapeza mtsikana wantchito atakhala pa kreti kuseri, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, akutsokomola mosalekeza. M'manja anali ndi kapu ya mkaka.

"Mama, mwanayu watani?" ndinafunsa eni malo.

"Ndi chifuwa cha chisanuchi, abambo. Ndamupatsa mkaka, chisiya."

Nditalowa m'khitchini fungo linandibweza pakhomo. Mawindo onse anali otseka chifukwa cha mphepo. Mtsikanayo, pofuna kuti zala zisaume, anatenga madzi otentha pa mbaula, nkuthiramo jiki pafupifupi theka la botolo. Ataona kuti sinki sikuyera, anawonjezera mankhwala otsukira chimbudzi, aja ochotsa zachikasu. Mankhwala oterowo amakhala ndi asidi, ndipo asidi akakumana ndi jiki pamatuluka mpweya wa klorini, umene umawotcha maso, kummero ndi mapapo. Madzi otenthawo anangothandiza kuti mpweyawo ukwere msanga kumaso kwake. Panali patadutsa maola awiri akubanika, anthu akudikira kuti mkaka ugwire ntchito.

Tinamutengera kuchipatala ndipo anachira. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti mtsikanayo sanali waulesi. Ankafuna kuti ntchito yake ioneke. Palibe amene anamuuzapo muyezo, ndipo abwana ake nawonso sankaudziwa. Manja ake ndinawaona: khungu long'aluka m'mphepete mwa zikhadabo, loyera ngati wagwira ufa, chifukwa tsiku lililonse ankaviika kansanza mu jiki wosasungunula popanda magolovesi.

Ndiye ndinene mosapsatira. Jiki amasakanizidwa ndi madzi ozizira basi. Osati viniga, osati madzi a mandimu, osati mankhwala a m'chimbudzi, osati otsukira magalasi, chifukwa ena mwa amenewa ali ndi amoniya, amene nayenso amatulutsa mpweya woipa. Zenera litseguke ngakhale kuzizire bwanji. Munthu akabanika, mutulutseni panja pa mphepo, ndipo ngati kutsokomola sikuleka kapena akupuma movutika, thamangirani ku chipatala cha Mapale kapena ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo. Mkaka sufika m'mapapo. Jiki akadonthera m'diso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Mwana akamwa, musamusanzitse ndi chala, musamumwetse mafuta ophikira kapena mazira aawisi monga amalangizira ena, chifukwa akasanza, jikiyo pobwerera amawotchanso kummero kachiwiri. Mutsukeni m'kamwa, mupite naye kuchipatala, botololo mulitenge.

Za kutsukuluza anthu amanditsutsa kawirikawiri. Ena amati anamva kuti jiki amauma yekha. Zimenezo zimanenedwa pa madzi ofooka kwambiri, a kasupuni kamodzi ka tiyi pa lita, amene amaviikamo mbale zotsuka kale. Koma muyezo wa masupuni awiri uja, paliponse pamene pakhudze chakudya, mphindi 5 zikatha tsukuluzani ndi madzi abwino akumwa. Mukapanda kutero kabichi ndi tomato wanu adzamveka jiki, mpeni udzayamba timadontho ta dzimbiri, ndipo mapoto a aluminiyamu adzada nkuyamba kudyeka. Mukatsukuluza, imikani thabwalo liume ndi mphepo. Ndaonapo mayi akuchita zonse bwinobwino, kenako nkupukuta thabwa ndi kansanza kamene kakhala paphewa kuyambira mmawa. Tizilombo tonse tabwerera pomwepo. Ndipo thabwa lamtengo limene lang'ambika mizere yakuya yakuda, jiki safika pansi pa mizereyo. Ligwiritseni ntchito ngati nkhuni, mugule lina.

Madzi amene mwasakaniza lero ndi a lero lomwe. Akagona, makamaka m'ndowa yosavundikira kapena padzuwa, mphamvu imatha ngakhale kafungo katsale. Apa ndi pamene mphuno imanamizira anthu kwambiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa masiku ano ndi jiki wopimitsa, uja amagulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa kapena a zakumwa zoziziritsa kukhosi, wopanda chizindikiro chilichonse. Wogulitsa amalumbira kuti ndi wamphamvu kuposa wa m'shopu. Wamphamvu bwanji? Iye sadziwa, inunso simudziwa, ndiye masupuni awiri aja muwerengera pa chiyani? Wina amakhala wothiridwa madzi mpaka kutha ntchito, wina ndi ufa wa klorini wosungunulidwa mongoganizira, woti nkusupula khungu. Ufa umenewo mphamvu yake imafika 65% mpaka 70%, si wosewera nawo. Ndipo mwana wa zaka ziwiri akaona botolo la chakumwa pansi pa sinki, amadziwa chinthu chimodzi chokha chochita nalo. Gulani wa botolo lake lenileni, muone tsiku lothera ntchito, mumusunge pamwamba, pamthunzi, chivindikiro chili chomanga.