Mafunso anayi a VRIO, ndi chifukwa chake General Motors inavutika kukopera Toyota

Mukafunsa mwini bizinesi chimene amaposa nacho anzake, kawirikawiri amaloza zinthu zooneka ndi maso: makina atsopano, malo abwino, galimoto zonyamulira katundu. Zimenezi ndi zofunika, koma zambiri mwa izo mnzake wokhala ndi ndalama angathe kugula mawa. Muyeso wa VRIO unapangidwa kuti usiyanitse zinthu zimene zimangokusungani pa mpikisano ndi zimene zingakuikeni patsogolo kwa nthawi yaitali. Anaukonza ndi Jay Barney, mphunzitsi wa zamalonda wa ku America. Maganizo ake oyamba anawasindikiza mu 1991, ndipo mu 1995 anawaika m'mafunso anayi amene zilembo zake zoyamba m'Chingerezi zimapanga dzina la VRIO.

Mafunsowo amafunsidwa motsatana, pa chinthu chimodzi chimodzi chimene kampani ili nacho, kaya ndi makina, luso la antchito, mbiri yabwino kapena ubale ndi ogulitsa zipangizo. Kodi chinthuchi chimabweretsa phindu? Kodi ndi chosowa pakati pa opikisana nanu? Kodi kuchikopera n'kovuta kapena kodula? Nanga kampani ili ndi dongosolo lochigwiritsa ntchito mokwanira? Yankho likakhala ayi, mumaima pomwepo. Chogwa pa funso loyamba chikukubwezani m'mbuyo. Chogwa pa lachiwiri chimangokufananitsani ndi anzanu. Chogwa pa lachitatu chimakupatsani mwayi wa kanthawi, ndipo chogwa pa lachinayi ndi chuma chimene muli nacho koma simukudya zipatso zake.

Nkhani imene imaonetsa bwino mafunsowa inachitikira ku Fremont, m'chigawo cha California. General Motors inali ndi fakitale ya galimoto kumeneko imene inatchuka ndi mbiri yoipa: kujomba kunali kochuluka, mikangano ya antchito ndi mabwana sinkatha, ndipo galimoto zinkatuluka ndi zolakwika zambiri. Anaitseka mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso pansi pa dzina loti NUMMI, umwini wake uli wa General Motors ndi Toyota pamodzi, koma kayendetsedwe ka ntchito kali m'manja mwa Toyota. Antchito ambiri amene analembedwa anali omwe aja akale, a m'bungwe la antchito lomwe lija. Ena anatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kukaphunzira. Pasanathe zaka zambiri, galimoto zochokera ku Fremont zinali m'gulu la zabwino koposa m'mafakitale onse a General Motors. Nyumba inali yomweyo, anthu omwewo, ndipo General Motors inali ndi ufulu woyang'ana chilichonse. Komabe panapita zaka zambiri isanathe kuchita zomwezo m'mafakitale ake ena.

Tiyeni titenge chinthu chimodzi chaching'ono cha m'fakitale imeneyi. Pamwamba pa lamba amene galimoto zinkayendapo pomangidwa pankakhala chingwe, chimene Toyota imachitcha chingwe cha andoni. Wantchito akaona cholakwika, monga bawuti yosamangika bwino, ankakoka chingwecho. Nyali inkayaka, mtsogoleri wa kagulu kake ankathamangirapo, ndipo vutolo likapanda kutheka galimotoyo isanafike pamalo oikika, lamba ankaima.

Funso loyamba: kodi chimabweretsa phindu? Yankho la funsoli liyenera kupezeka m'mabuku a ndalama, osati m'kunyada kwa eni ake. Chinthu chili ndi phindu ngati chimachepetsa ndalama zimene mumawononga, kapena chimapangitsa kasitomala kulolera kulipira zambiri. Bawuti yolakwika ikagwidwa pomwepo imakonzedwa m'kamphindi. Ikadutsa, pamwamba pake pamaikidwa zipangizo zina, ndipo kumapeto pamafunika kumasula zonsezo, kapena kasitomala adzaibweza galimotoyo. Choncho chingwe chapambana funso loyamba.

Pa funso lachiwiri, m'zaka za m'ma 1980 njira imeneyi inali yosowa m'mafakitale a galimoto a ku America, kumene lamulo lodziwika linali lakuti lamba asaime zivute zitani, zolakwika zikakonzedwa kumapeto. Onani kuti kusowa kumayezedwa ndi opikisana nawo enieni pamsika umene muli, osati ndi dziko lonse. Chinthu chingakhale chofala ku Japan koma chosowa ku America.

Funso lachitatu ndi limene timati mukhalepo nthawi yaitali, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Chingwe pachokha chimagwa pa funsoli nthawi yomweyo. Chingwe, nyali ndi belu n'zotchipa, fakitale iliyonse ingazimangirire m'masiku ochepa. Chimene chinali chovuta kukopera ndi chakuti wantchito wamba akoke chingwecho mosaopa, kapitawo abwere kudzathandiza osati kudzakalipa, ndipo mainjiniya asinthe chipangizo chimene chikubweretsa vutolo kuti lisabwerenso. Apa pakuoneka kuti chuma chenicheni tinachitchula molakwa poyamba. Si chingwe ayi, koma kukhulupirirana ndi chizolowezi chothetsa vuto pamene labadwira.

Barney anatchula zifukwa zitatu zimene zimapangitsa chinthu kukhala chodula kukopera, ndipo zonse zikuoneka pano. Choyamba ndi mbiri. Toyota inamanga njira zake pang'onopang'ono kuyambira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, motsogozedwa ndi anthu monga Taiichi Ohno, pa nthawi imene kampaniyo inalibe ndalama zosungira zipangizo zambiri m'nkhokwe. Wopikisana naye sangagule zaka zimenezo. Chachiwiri ndi kusadziwika kwa gwero lenileni la chipambano. Akuluakulu a General Motors, motsogozedwa ndi Roger Smith, anathira ndalama zankhaninkhani m'maloboti pa zaka zomwezo, pomwe NUMMI inkachita bwino ndi makina osadabwitsa. Wokopera akapanda kudziwa chimene chikubweretsa zotsatira, amakopera zimene maso ake aona. Chachitatu ndi maubale a anthu. Ku NUMMI kampani inalonjeza kuti sidzachotsa antchito pokhapokha zinthu zitafika poopseza moyo wa kampaniyo, ndipo malonda atatsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inasunga lonjezolo, n'kugwiritsa ntchito nthawiyo pophunzitsa anthu. Munthu amene waona zimenezo amapereka nzeru zochepetsera ntchito popanda mantha oti akudzichotsa yekha. Fakitale ya General Motors ya ku Van Nuys inayesa kutengera njira ya NUMMI yogwira ntchito m'timagulu, koma kukhulupirirana kunalibe, ndipo inatsekedwa mu 1992.

Pali mbali ina ya funso lachitatu imene imaiwalika: mnzanu safunika kukopera ndendende. Angapeze njira ina yofikira zotsatira zomwezo. Choncho funsani zinthu ziwiri: kodi angapange chofanana ndi changa, ndipo kodi angachilowe m'malo ndi china? Chitetezo cha lamulo nacho chili ndi malire. Patenti, chikalata cha boma choletsa ena kukopera chimene mwatulukira, nthawi zambiri imatha pa zaka 20, ndipo kuti muipeze mumayenera kufotokoza poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito.

Funso lachinayi limaoneka bwino tikayang'ana mbali ya General Motors. Kampaniyi inali ndi theka la umwini wa fakitale yabwino, ndipo mamanijala ake amene anagwirako ntchito anabwerako akudziwa zambiri. Koma anawamwaza m'mafakitale osiyanasiyana, mmodzi uku wina uko, kumene mabwana ankayezedwa ndi chiwerengero cha galimoto zotuluka. Kapitawo amene bonasi yake imadalira chiwerengero sangakondwere ndi munthu woimitsa lamba. Dongosolo limene funsoli likunena ndi zinthu zimenezi: ndani amayankha kwa ndani, ntchito imayezedwa ndi chiyani, ndipo malipiro ndi kukwezedwa zimatsata chiyani. Zinthu zimenezi pazokha sizipambanitsa kampani, koma zikasemphana ndi chuma chimene muli nacho, chumacho chimangokhala.

Nanga mungauyese bwanji muyesowu pa bizinesi yanu? Lembani zinthu zosapitirira khumi, chilichonse mochitchula mwachindunji. Mawu oti "antchito athu ndi abwino" sangayezedwe. Lembani kuti "makaniko wathu amabwezeretsa chigayo pa ntchito tsiku lomwelo chikawonongeka". Kenako lembani mayina a opikisana nanu atatu kapena anayi amene kasitomala wanu angapiteko lero. Pa funso lachitatu ikani manambala. Tiyerekeze kuti muli ndi chigayo, ndipo mwagula makina a dizilo oti muzigayabe magetsi akazima, pa mtengo wa K6 miliyoni. Ngati akubweretsa phindu lowonjezera la K500,000 pa mwezi, mnzanu wa tsidya la msewu akawerengera apeza kuti ndalama zake zidzabwerera m'miyezi 12, ndipo banki ingamubwereke. Mwayi wanu ndi wa kanthawi, ndipo nzeru ndi kubweza ndalama zanu msanga iye asanagule, osati kutenga ngongole ina poganiza kuti makasitomala atsopanowo ndi anu mpaka kalekale. Koma ngati amayi a m'deralo amabwera kwa inu chifukwa kwa zaka zambiri ufa wawo sunasowepo ngakhale kambale, chimenecho mnzanu sangachipeze ndi ngongole.

Yesaninso funso ili: kodi chumacho ndi cha kampani kapena cha munthu mmodzi? Ngati luso lonse lili m'mutu mwa makaniko uja, wopikisana nanu safunika kukopera kanthu. Angomulonjeza malipiro okwera, kapena makanikoyo adzafuna kuti mumuwonjezere mpaka phindu lonse lithere kwa iye. Luso limene lagawikana pakati pa anthu ambiri ndi m'kachitidwe ka ntchito silichoka ndi munthu mmodzi.

Chizindikiro chakuti muyeso wachitika molakwika n'chosavuta kuchiona: pafupifupi chilichonse pa mndandanda chapambana mafunso onse anayi. Kampani zambiri zimapeza chimodzi, ndipo zina sizipeza n'chimodzi chomwe, zimene si zamanyazi, popeza bizinesi yofanana ndi anzake ingathe kupezabe phindu labwinobwino. Vuto limabwera eni ake akadziyeza okha m'chipinda. Pa funso loyamba funsani makasitomala, makamaka amene anakusiyani. Pa lachitatu funani umboni wakuti wina anayesa kukopera n'kulephera, monga zinachitikira ku Van Nuys, chifukwa kwa Barney mwayi wokhalitsa suwerengedwa ndi zaka za pa kalendala koma ndi kulephera kwa oyesa kukopera.

Muyesowu umajambula tsiku limodzi lokha, ndipo funso loyamba ndi limene limasintha yankho mwakachetechete. Kodak inali ndi luso lopanga mafilimu a zithunzi limene linali losowa, lovuta kukopera ndiponso loyendetsedwa bwino, koma makamera a dijito atafala lusolo linasiya kubweretsa phindu, ndipo kampaniyo inakapempha chitetezo cha khoti pa ngongole zake mu 2012. Mwini chigayo nayenso abwerere ku funso loyamba chaka ndi chaka, komanso nthawi iliyonse mtengo wa dizilo ukakwera, magetsi akasiya kuzimazima, kapena anthu a m'dera lake akayamba kugula ufa wa m'mapaketi m'malo mopita ndi chimanga kuchigayo.