Mwini wa adiresi amabisala kumapeto

"Ndalandira uthenga wa paypal.com.account-check.net/login. Poti wayamba ndi paypal.com, si weniweni?"

Ayi achimwene, ndipo ambiri ku Ulongwe ndi ku Moatize amasokonezeka pomwepa, chifukwa tinazolowera kuwerenga kuyambira kumanzere. Pa adiresi ya pa intaneti, mwini amapezeka kumanja.

Chotsani https:// ngati ilipo, kenako funani chizindikiro choyamba cha /. Zonse za kumanja kwake zisiyeni. Tsopano bwererani cham'mbuyo: mawu otsiriza ndi net, ndipo oyandikana nawo, mpaka pa kadontho, ndi account-check. Dzina lomwe munthu analembetsa ndi account-check.net basi. Zija za paypal.com waziika yekha, popeza mwini dzina amaloledwa kuwonjezera chilichonse kumanzere osapempha wina aliyense.

Kuno ku Mozambique bwererani katatu pa maadiresi othera ndi co.mz kapena gov.mz, chifukwa zigawo ziwirizo ndi za ambiri. Pa portaldogoverno.gov.mz, mwini akudziwika ndi portaldogoverno.

Vuto la foni ndi loti imadula adiresi yaitali. Gwirani linkiyo osachotsa chala kuti ioneke yonse musanaitsegule. Ndipo kaloko kakaoneka pambali pa adiresi musakadalire, akuba nawonso amakapeza.