Thambo si galasi la nyanja

"Ndamva kuti thambo limaoneka labuluu chifukwa limatengera mtundu wa madzi a m'nyanja. Ndi zoona?"

Ayi, ndi bodza. Ngakhale m'chipululu mopanda nyanja, thambo ndi lomwelo.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Kukalowa mumpweya, tizigawo ta mpweya timamwaza kwambiri mtundu wa buluu, kuposa wofiira maulendo pafupifupi 5, chifukwa mafunde ake ndi aafupi. Ndiye kulikonse mungayang'ane masana, buluuyo akufikani m'maso.

Madzulo dzuwa likatsika, kuwalako kumadutsa mpweya wochuluka zedi. Buluu amathera m'njira, wofiira ndiye amafika. M'chilimwe, utsi wa tchire ndi fumbi zikachuluka, dzuwa limafiira psuu ngati khala lamoto.