Mzere umodzi pa chitupa cha ku Rwanda

Ndikamaphunzitsa mbiri ya Rwanda, ndimayamba ndi kuonetsa ophunzira chithunzi cha chitupa cha nzika ya dzikolo cha chaka cha 1994 chisanafike. Pansi pa nkhope ya mwini chitupa pali mzere woyamba ndi mawu akuti ubwoko, ndipo kutsogolo kwake kwalembedwa mayina anayi: Hutu, Tutsi, Twa, ndi lina la anthu obadwira kunja amene anapatsidwa unzika. Kalaliki ankakhwatcha atatu n'kusiya limodzi. Kuyambira pa 7 Epulo 1994, kwa masiku pafupifupi 100, anyamata a zikwanje otchinga misewu ankayang'ana dzina losiyidwalo kuti adziwe wodutsa ndi wophedwa. Bungwe la mgwirizano wa mayiko onse linati anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi.

Funso loyamba limene ndimalandira silisintha: kodi Ahutu ndi Atutsi anayamba kudana liti? Wofunsayo amakhala akuganiza za mitundu iwiri yosiyana ngati mmene Myao amasiyanirana ndi Mtumbuka. Koma anthuwa amalankhula chinenero chimodzi, Chinyarwanda, ankakhala pa mapiri amodzimodzi, ankapemphera m'matchalitchi amodzi ndipo ankakwatirana. Kale mawu aja akuti ubwoko ankatanthauza mfunda, monga ife timanenera Phiri, Banda kapena Mbewe. Mfunda ngati Abasinga kapena Abagesera unali ndi Ahutu, Atutsi ndi Atwa omwe.

Sindikunena kuti azungu ndiwo anapeka mayinawa. Amene amatero amalakwa. Mayina analipo, ndipo kusalingana kunalipo. Dzina loti Mtutsi linkayendera limodzi ndi ng'ombe ndi kuyandikana ndi bwalo la mfumu, loti Mhutu linkayendera limodzi ndi khasu. Mu ulamuliro wa mfumu Rwabugiri, amene anamwalira mu 1895, ntchito yokakamiza yotchedwa uburetwa, yofanana ndi thangata wathu uja, inkagwera Ahutu okha. Komabe panali kampata. Banja la Chihutu likalemera n'kukwatira kwa akuluakulu, pakapita mibadwo linkatha kuwerengedwa ngati la Chitutsi, ndipo panali mawu ake enieni, kwihutura, kuvula uhutu.

Atsamunda anachita zinthu ziwiri zimene zinatseka kampatako. Choyamba chinali nthano. Azungu oyamba kufika m'dera la nyanja zikuluzikulu anadabwa kupeza maufumu adongosolo, ndipo maganizo awo atsankho sanalole kuti munthu wakuda angamange zotere. Choncho anati olamulirawo anali anthu ochokera kumpoto, cha ku Itiyopiya, a mtundu wina woyandikira kwa azungu. John Hanning Speke analemba zimenezi mu 1863, ndipo amishonale ndi akuluakulu a boma la Belijiyamu, limene linalanda Rwanda kwa Ajeremani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anazitenga ngati zoona n'kumaziphunzitsa m'sukulu. Potsatira nthanoyi anachotsa mafumu a Chihutu amene analipo, ndipo malo a sukulu ya ku Astrida, kumene kunkachokera antchito a boma, ambiri anapita kwa ana a Atutsi. Chachiwiri chinali pepala. Cha m'ma 1933 anawerenga anthu n'kuyamba kupereka zitupa zolembedwa mtundu, ndipo mwana ankatenga mtundu wa bambo ake. Mumamva kawirikawiri kuti amene anali ndi ng'ombe khumi ankalembedwa Mtutsi; akatswiri ambiri a mbiri amakayikira nkhani imeneyi, ndipo ine sindiiphunzitsa. Chotsimikizika n'chakuti dzina limene kale linkatha kusuntha linauma pa pepala.

Nthanoyo inapangidwa potamanda Atutsi, koma itatembenuzidwa inawadya. Ngati iwo anachokera kwina, ndiye kuti ndi obwera, ndipo eni nthaka ndi ena. Chikalata chimene anthu ophunzira bwino asanu ndi anayi a Chihutu, mmodzi wa iwo Grégoire Kayibanda, anatulutsa mu 1957 chinali ndi madandaulo oona okhudza sukulu ndi maudindo, koma chinawanena m'chilankhulo cha fuko ndi fuko, ndipo chinapempha kuti mzere wa mtundu usachotsedwe pa chitupa. Chifukwa chake chinali chomveka kwa iwo: popanda mzerewo sukanatha kuwerenga kuti ochuluka ndani. Ziwawa za 1959 zinathamangitsira Atutsi ambiri ku Uganda, Burundi ndi Kongo. Dziko litalandira ufulu mu 1962, Kayibanda anakhala pulezidenti, ndipo Juvénal Habyarimana, amene anamulanda boma mu 1973, anapitiriza kugawa malo a sukulu ndi ntchito mwa kuwerenga mitundu.

Apa ndi pamene ndimafuna owerenga aonetsetse, chifukwa dzina la mtundu palokha silipha munthu. Limayamba kupha likalumikizidwa ndi dzina lina. Pa 1 Okutobala 1990 gulu lankhondo la RPF, lopangidwa makamaka ndi ana a othawa kwawo aja, linalowa m'dziko kuchokera ku Uganda. M'masiku otsatira boma linamanga anthu masauzande n'kuwatchula kuti ibyitso, kutanthauza ogwirizana ndi mdani. Ambiri anali Atutsi amene sanagwirepo mfuti. Liwu lina linali inyenzi, mphemvu. M'zaka za m'ma 1960 linkanena za magulu a othawa kwawo amene ankaukira usiku. Tsopano linatambasulidwa pang'onopang'ono mpaka kukwanira Mtutsi aliyense. Nyuzipepala ya Kangura, imene mu Disembala 1990 inasindikiza malamulo khumi a Mhutu onena kuti wokwatira mkazi wa Chitutsi ndi wachiwembu, inalemba mu 1993 kuti mphemvu singabale gulugufe. Ganizirani bwino chiganizo chimenecho. Chikunena kuti khanda nalonso ndi msilikali wa adani, chifukwa cha kubadwa kwake basi.

Mu Novembala 1992 Léon Mugesera, mmodzi wa akuluakulu a chipani cholamula, anauza msonkhano ku Kabaya kuti Atutsi kwawo ndi ku Itiyopiya ndipo adzawabwezera kumeneko kudzera mu mtsinje wa Nyabarongo. Nthano ya m'kalasi ya amishonale ija inali itafika pa nsanja ya ndale. Patapita chaka ndi theka, mitembo inayandamadi mu mtsinjewo mpaka kukafika ku nyanja ya Victoria.

Kupha kutayamba, mawu anagwiranso ntchito ina, yophimba. Wailesi ya RTLM, imene inayamba mu 1993 ndipo achinyamata ankaikonda chifukwa cha nyimbo ndi nthabwala, inkatchula mayina a anthu ndi kumene abisala. Koma akuluakulu ankapewa mawu oti kupha. Ankati gukora, kugwira ntchito, mawu amodzimodzi amene ankaitanira anthu ku ntchito yachitukuko ya m'mudzi. Ankatinso ndi kudziteteza. Munthu woopa Mulungu amene sakanavomera kupha mnansi wake ankatha kudziuza kuti akungopita ku ntchito imene akuluakulu alamula.

Ndiyenera kuika malire apa, chifukwa ena amakokomeza mphamvu ya wailesi. Kafukufuku wa David Yanagizawa-Drott wa mu 2014, amene anayerekeza midzi imene mapiri ankatchinga mawu a RTLM ndi midzi imene inkamva bwino, anapeza kuti wailesiyo inachititsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu amene anachita nawo chiwembucho. Chiwerengerocho n'chachikulu, koma otsalawo anakokedwa ndi zina: asilikali, gulu la achinyamata a chipani cholamula lotchedwa Interahamwe, akuluakulu a maboma aang'ono, mantha a nkhondo, dyera la minda ndi ng'ombe. Mawu anasonyeza woti aphedwe n'kuchepetsa manyazi a wakuphayo. Zida ndi malamulo zinachokera kwa anthu okhala ndi maudindo.

Kunja kwa Rwanda nako mawu anaononga. M'masabata oyamba nyuzipepala zambiri za kunja zinalemba za "nkhondo ya mitundu" ndi "chidani chakalekale". Mawu oterewa amachita zinthu zitatu nthawi imodzi: amaika mbali ziwiri pa sikelo yofanana, amachotsa wokonza chiwembu, ndipo amauza womvera kuti palibe chochita popeza anthuwo ndi mmene alili. Sangathe kufotokoza chifukwa chake mmodzi mwa oyamba kuphedwa, pa 7 Epulo, anali nduna yaikulu Agathe Uwilingiyimana, Mhutu wa chipani chotsutsa. Pa 21 Epulo, kupha kuli mkati, bungwe la chitetezo la mayiko onse linachepetsa asilikali ake osungitsa mtendere kufika pa 270. Boma la Amereka linapewa liwu loti jenosaidi, kupulula mtundu wa anthu, poopa kuti pangano la 1948 loletsa jenosaidi liwakakamiza kuchitapo kanthu. Pa 10 Juni mneneri wa unduna wawo wa zakunja, Christine Shelley, anangovomera kuti pachitika "zochitika za jenosaidi", ndipo mtolankhani wina anamufunsa kuti pamafunika zochitika zingati kuti ikwane jenosaidi. Sanayankhe funsolo.

N'chifukwa chake ndikamakonza zolemba za ophunzira ndimakhwatcha chiganizo choti "Ahutu anapha Atutsi". Chimaoneka chachidule ndi choona, koma chimabwereza ndendende zimene Kangura inkafuna, kuti mtundu ndiwo umachita zinthu. Chimaiwala Ahutu amene anaphedwa chifukwa chokana, amene anabisa anansi awo m'denga, ndi mamiliyoni amene sanaphe aliyense. Ndimawauza alembe wochitayo ndi dzina lake: boma la kanthawi la 1994, asilikali olondera pulezidenti, Interahamwe. Ndimakhwatchanso choti "anthu a ku Rwanda anaphana", chifukwa chimabisa amene ankasakidwa. Mu 2018 msonkhano waukulu wa mayiko onse unasintha dzina la tsiku lokumbukira kuti linene poyera kuti inali jenosaidi yochitira Atutsi. Asilikali a RPF nawonso anapha anthu wamba, ndipo zimenezo ziyenera kulembedwa ndi dzina lawo, popanda kuzisandutsa chofufutira cha zinazo. Ife kuno sitili kutali ndi ulesi wa pakamwa woterewu: msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994 momwemo, ndipo mpaka lero wochokera ku Rwanda, Burundi kapena Kongo timangomuti Mburundi.

Khoti la mayiko onse la ku Arusha, loweruza milandu ya jenosaidi ya ku Rwanda, linakumana ndi vuto lomweli pa mlandu wake woyamba, wa Jean-Paul Akayesu, mkulu wa boma laling'ono la Taba, amene anagwidwa ku Zambia mu 1995. Pangano la 1948 limateteza magulu a dziko, mtundu, fuko ndi chipembedzo. Oweruza atayang'ana chinenero ndi chikhalidwe, anaona kuti Atutsi sasiyana ndi Ahutu m'njira imene mabuku amafotokozera mtundu. Pogamula pa 2 Sepitembala 1998, anatsamira pa mfundo yoti linali gulu lokhazikika limene munthu amabadwiramo, kuti mboni iliyonse inkayankha mosazengereza mtundu wake ikafunsidwa, ndiponso kuti boma lenilenilo linalemba mtunduwo pa chitupa. Akayesu anapezeka wolakwa pa mlandu wa jenosaidi, woyamba m'khoti la mayiko onse. Zitupa za ku Rwanda za masiku ano zilibe mzere uja.