Mitundu ya malonda anu pa zithunzi za AI: mafunso ndi mayankho pa lamulo la zinthu zitatu

Achimwene, ndalemba nambala ya mtundu wanga ndendende, koma chithunzi chatuluka ndi kufiira kwina. Ndalakwitsa pati?

Simunalakwitse kulemba, mayi. Makina opanga zithunziwa anaphunzira poona zithunzi zambirimbiri pamodzi ndi mawu ozifotokoza, ndipo anthu pofotokoza chithunzi amatchula tomato, njerwa kapena magazi, satchula nambala. Ndiye mukalemba nambala ya mtundu ngati `#B3202A`, makinawo nthawi zina amaganiza kuti ndi chinthu chofiira, koma sayeza nambalayo monga momwe pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop kapena GIMP imachitira. Amangopenekera.

N'chifukwa chake pa ntchito yathu yokonza maposita ndi malebulo kuno ku Zomba tinakhazikitsa lamulo lakuti mtundu uliwonse wa malonda uziyenda ndi zinthu zitatu: nambala yake, mawu oufotokoza, ndi kachigamba koonetsa mtunduwo. Mawu ndi kachigamba ndi za makina. Nambala ndi yathu, yoyezera zimene makina abweretsa.

Mawuwo ndiwalembe bwanji? Ine ndimangodziwa kuti ndi chofiira.

Apa ndi pamene pagona ntchito yambiri. M'Chichewa mawu akuti kufiira ndi otakata: dothi la katondo ndi lofiira, tomato ndi wofiira, ngakhale munthu woyererapo khungu ena amati ndi wofiira. Mukangomasulira mawuwo mwachindunji, mwawapatsa makina ufulu wosankha pakati pa zonsezi.

Ndipereke chitsanzo cha mayi wina amene amaphika jamu wa masitiroberi ogula kwa anyamata a pamwamba pa phiri la Zomba. Lebulo yake ndi yofiira, nambala yake ndi yomwe ija, `#B3202A`. Nambalayi ikamasulidwa imapereka manambala atatu: kufiira 179, girini 32, buluu 42. Taonani kuti buluu waposa girini pang'ono. Kusiyana kochepako ndi kumene kumachititsa kuti kufiirako kuoneke kozizira, kopendekera ku vinyo, osati ku lalanje.

Pofotokoza, timayankha mafunso anayi. Ndi mtundu wanji? Ndi woderapo kapena woyererapo? Wapendekera mbali iti? Ndi chinthu chiti chodziwika chimene chimaoneka choncho? Makina ambiri amamva bwino Chingerezi, choncho tinalemba motere:

```
jam jar, matte paper label in deep dark red,
slightly cool, like a very ripe strawberry,
soft overcast daylight, pale grey background
```

Chinthu chofanizira chikhale chodziwika kutali. Mukati kubiriwira kwa mitengo ya paini ya ku Ku Chawe, ife a kuno timva, makina ayi. Muwauze za masamba a paini basi. Komanso muzinena zimene mukufuna, osati zimene simukufuna. Mukalemba kuti lisakhale lalanje, makina ena amangogwira liwu la lalanjelo n'kukuikirani m'chithunzi.

Nanga za kuwala ndi kumbuyo kwa botolo mwazilemberanji? Si za mtundu zimenezo.

Ndi za mtundu ndithu. Poyamba mayi uja anapempha botolo lili pamwala dzuwa likulowa. Chithunzi chinakongola, koma titayeza lebulo tinapeza 214, 58, 40. Dzuwa la madzulo linathira chikasu paliponse, girini anakwera n'kupitirira buluu, ndipo jamu anaoneka ngati sosi wa tomato. Kuwala kwa tsiku la mitambo, ngati kwa m'mawa wa mu Juni kuno, ndi kumene sikusokoneza mtundu.

Kumbuyo timakutchula chifukwa mtundu umadontha. Mukatchula kufiira kokha, mupeza tebulo lafiira, khoma lafiira, mwina ndi chitsekerero chomwe. Chinthu chilichonse chachikulu m'chithunzi chipatseni mtundu wake, ndipo liwu la mtundu likhale pafupi ndi chinthu chake m'chiganizo.

Kachigamba mukunenako ndingojambula lebulo yanga ndi foni?

Ayi, chonde. Kamera ya foni imasintha mitundu yokha potengera kuwala kwa pamalopo, ndiye lebulo yomweyo mukaijambula pakhonde ndi m'nyumba usiku, mupeza mitundu iwiri. Kachigamba kamapangidwa pa kompyuta. Tsegulani fayilo yatsopano, yofanana mbali zonse, mwina mapikiselo 1000 kwa 1000, idzazeni yonse ndi nambala ya mtundu wanu, musaikemo mawu kapena mthunzi, ndipo muisunge ngati `PNG` mu `sRGB`, dongosolo la mitundu logwiritsidwa ntchito pa intaneti. Mukamatumizirana pa WhatsApp, isankheni ngati `Document`, chifukwa ikapita ngati chithunzi wamba imafinyidwa.

Kenako muikweze pamalo pomwe pulogalamu yanu imalandira chithunzi chotsanzira, n'kulemba momveka kuti mtunduwo ndi wa lebulo. Ngati malonda anu ali ndi mitundu iwiri, ine ndimakonda kachigamba kamodzi kogawidwa molingana ndi momwe mitunduyo imagwirira ntchito: waukulu utenge malo ambiri, wothandizira utenge kamzere. Mukaigawa pakati ndi pakati, chithunzi chimatulukanso mitunduyo ikulimbirana malo.

Kachigamba kali ndi vuto lake. Makina akakatsatira mopitirira, amapaka chithunzi chonse mtundu umodzi, kapena amachiphwatalitsa ngati chojambula cha mwana. Zikatero chepetsani mphamvu ya chithunzi chotsanziracho, ngati pulogalamu ikulola.

Ndidziwa bwanji kuti zatheka? Pa foni yanga zikuoneka bwinobwino.

Diso lisakhale woweruza. Mafoni amasiyana, ndipo ambiri amatembenuza sikirini kukhala yachikasu ukafika usiku. Tsegulani chithunzicho mu GIMP, tengani `Color Picker`, yatsani `Sample average` kuti muyeze kadera osati kadontho kamodzi. Yezani malo atatu pa lebulo pomwe pali kuwala kofanana, kupewa pamthunzi ndi ponyezimira.

Malire amene tinagwirizana ndi akuti nambala iliyonse mwa zitatuzo isatalikire yeniyeni ndi zoposa 10. Awa ndi malire athu a ntchito za pa intaneti, si lamulo la dziko lonse. Titasintha mawu ndi kuwala, n'kuwonjezera kachigamba, botolo la jamu linapereka 172, 36, 47. Kusiyana kwake ndi 7, 4 ndi 5, ndipo buluu akadali pamwamba pa girini. Tinavomereza. Chikanabwera 175, 41, 34, tikanachikana ngakhale chili m'malire, chifukwa girini wadutsa buluu ndipo kufiirako kwayamba ulendo wa ku lalanje.

Chithunzi chikaphonya pang'ono koma china chilichonse chili bwino, musataye bandulo kubwerezabwereza. Zungulizani lebulo yokha mu pulogalamu yokonzera zithunzi, musunthe mtunduwo ndi dzanja mpaka manambala afike.

Logo yanga nayonso makina aijambule?

Imeneyo sitilola. Makina amapotoza zilembo ndi maonekedwe, ndipo logo ilibe malire a 10. Pemphani lebulo yopanda kanthu, logo yeniyeni muiike nokha pamwamba.

Ndikasindikiza m'tauni, zituluka chimodzimodzi?

Osati nthawi zonse. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikiza amasakaniza inki zinayi za `CMYK`, ndipo mitundu yowala kwambiri, makamaka buluu ndi girini, imazilala ikafika papepala. Mtundu wa pepala nawonso umasintha zinthu: losanyezimira limamwa inki, kufiira n'kuoneka kofooka. Musanalipire maposita 200, pemphani asindikize limodzi, mutuluke nalo panja pamthunzi masana, muligundanitse ndi botolo lenileni. Ngati zasiyana, mubwerere mkati nalo limodzi ndi botololo kuti wosindikiza aone yekha mbali yoti asunthire.