Ngumbi kapena nyerere youluka? Muyambire pa mapiko

Mvula yoyamba ikangogwa muno mu Lilongwe, cha mu Novembala kapena Disembala, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za tizilombo tomwe taunjikana pa babu la pakhonde. Anthu amadziwa kuti ntchito yanga ndi yofufuza tizilombo, ndiye funso limakhala lomwelo: kodi ndi ngumbi izi, kapena nyerere zamapiko? Amene anakulira pafupi ndi chulu angaseke, koma pa chithunzi chojambulidwa usiku ngakhale katswiri wogwira ngumbi amatha kusokonezeka.

Ambiri anamva zoti nyerere ili ndi chiuno chowonda ngati cha mavu, pamene ngumbi ilibe chiuno, chifuwa ndi mimba zinangolumikizana. Nzoona, ndipo mavu ndi nyerere ndi pachibale ndithu, pomwe chiswe chimayandikana ndi mphemvu. Vuto ndi lakuti timajambula kuchokera pamwamba, ndipo kachilombo kakatera mapiko amaphimba chiunocho. Nchifukwa chake ine ndimayambira pa mapiko.

Mayi wina wa ku Kawale ananditumizira chithunzi cha kachilombo kofiirira kali pa simenti yonyowa. Kuwala kwa foni kunamenya mapiko mpaka anangoti mbuu, chiuno osaoneka. Ndinaika chala pomwe mimba ikuthera pansi pa mapiko, nkuona kuti mapikowo apitirirabe patali, kutalika kwake pafupifupi kawiri thupi lonse. Anali atasanjikizana bwinobwino pamsana ngati phiko limodzi, nsonga zonse kuthera pamodzi. Umu ndi mmene ngumbi imakhalira: mapiko anayi ofanana kutalika ndi maonekedwe. Nyerere nayo ili ndi anayi, koma akutsogolo ndi aakulu, akumbuyo aafupi, ndipo sapitirira mimba motalika chonchi. Pouluka, lakumbuyo limakolana ndi lakutsogolo, moti pa chithunzi mungawerenge awiri okha. Mukakulitsa chithunzi chabwino, phiko la nyerere limaonetsa mitsempha yochepa yokhuthala, pamene la ngumbi lili ndi timitsempha tambirimbiri tosaoneka bwino.

Ndinawapempha mayiwo kuti m'mawa ajambule pansi asanasese. Chithunzi chachiwirichi ndi chimene chinathetsa nkhani: mapiko okhaokha ali mbwee pakhonde, onse msinkhu umodzi. Ngumbi ikatera imathothola mapiko onse anayi mosavuta, yaimuna ndi yaikazi yomwe, chifukwa patsinde pa phiko pali mzere wothyokera. Kenako mumaziona zikuyenda ziwiriziwiri, yaimuna itatsatira yaikazi pambuyo penipeni, kusaka pokumba. Kwa nyerere, yaikazi yokha ndiyo imachotsa mapiko ikakwerana, yamphongo imafa nawo. Choncho mulu wa mapiko ofanana pansi pa getsi ndi umboni wamphamvu kuposa chithunzi cha kachilomboko.

Tinyanga ta kumutu ndimatisiyira kumapeto chifukwa sitikhazikika, ndipo foni imatijambula ngati utsi. Tikaoneka, ta ngumbi timakhala towongoka kapena topindika pang'ono, topangidwa ndi timibulu ngati mikanda. Ta nyerere timathyoka pakati ngati chigongono. Koma samalani: mwa nyerere zambiri zamphongo kachigawo koyamba ka nyanga nkakafupi, ndiye chigongonocho sichioneka. Nyanga yopinda imatsimikizira kuti ndi nyerere, koma yooneka yowongoka payokha siitsimikizira kuti ndi ngumbi.

Amene amapusitsa anthu kwambiri ndi mafulufute. Amatuluka m'nthaka mvula ikagwa, ali ndi mimba yaikulu yamafuta, ndipo timawadya, motero ambiri amawaika gulu limodzi ndi ngumbi. Komatu mafulufute ndi nyerere. Chimimba chija chimabisa chiuno mukayang'ana pamwamba, koma mukamugoneka chammbali muona timfundo tiwiri pakati pa chifuwa ndi mimba, ndipo phiko lakumbuyo ndi lalifupi. Thupi lake ndi lolimba, lonyezimira, pamene ngumbi ndi yofewa.

Mukafuna chithunzi choti munthu akuyankheni motsimikiza, musalimbane ndi kachilombo kouluka pa babu. Kagwireni m'botolo, kaikeni m'firiji kwa mphindi pafupifupi 10 kuti kafooke, kapena ngati magetsi azima dikirani kuche. Kaikeni pa pepala loyera pafupi ndi kamtengo ka machesi kuti kukula kwake kudziwike, ndipo mujambule ndi kuwala kwa dzuwa, kamodzi pamwamba, kamodzi chammbali.

Mayi aja nkhawa yawo inali pa mitengo ya denga. Ndinawafunsa komwe ngumbizo zinachokera. Zobwera kuchokera panja kutsata getsi sizitanthauza kuti nyumba ili ndi chiswe, ndipo zambiri zimathera kwa achule, nalimata ndi nkhuku. Zikamatuluka mu mng'alu wa simenti m'kati mwa nyumba, kapena m'felemu ya chitseko, pamenepo chiswe chakhazikika pansi panu, ndipo muyang'ane timisewu tadothi tokwera khoma. Zawo zinkachokera kuseri kwa mpanda.